Mpikisano wa masipelo wopanda belu

Mu 1925 nyuzipepala ina ya mumzinda wa Louisville ku Amereka, ya Courier-Journal, idasonkhanitsa ana asanu ndi anayi ku Washington kuti apikisane pa kutchula malembo a mawu a Chingerezi. Adapambana mnyamata wa zaka 11, Frank Neuhauser, atatchula bwino malembo a dzina la duwa lina. Kuchokera mu 1941 mpikisanowu wakhala m'manja mwa kampani ya Scripps, ndipo malamulo ake ndiwo adafalikira m'mayiko ambiri. Mwana amaima yekha kutsogolo, wowerenga amatchula liwu, mwana amatchula malembo ake limodzilimodzi. Lembo likatuluka pakamwa latuluka, sangalisinthenso. Akaphonya, belu limalira ndipo mwanayo amachoka pabwalo. Eni mpikisanowo adaona okha kuti beluli limawawa, moti kwa zaka zambiri adali ndi chipinda chapadera chokatonthozeramo ana otuluka.

Kuno kwathu mchitidwewu udafika kudzera mu Malawi National Spelling Bee, yomwe imatumiza opambana ake ku mpikisano wa mayiko a mu Afirika, African Spelling Bee, umene udayamba mu 2016 ku South Africa. Ana a ku Malawi amene amafika kumeneko amayenera kuwaombera m'manja. Koma aphunzitsi ambiri, ataona mpikisanowu pa kanema kapena kuumva pa wailesi, amautenga momwe ulili nkukauchititsa m'kalasi mwawo Lachisanu masana, pa ana onse, ofuna ndi osafuna omwe. Apa mpamene pamayambira vuto, chifukwa malamulo aja adapangidwira ana ochepa odzipereka okha, amene Chingerezi amachimva kunyumba tsiku ndi tsiku.

Kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa zinthu sizili choncho. Mukatsika kuchoka mumzinda wa Zomba kulowera ku doko la Kachulu, ulendo wa makilomita pafupifupi 30, mumadutsa midzi ya kwa Mwambo, minda ya mpunga ya m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, mpaka kumene mabwato amanyamukira kupita ku chilumba cha Chisi. Kumpoto pang'ono kuli kwa Kuntumanji ndi mtsinje wa Domasi. Mwana wa kumeneku amakula akuyankhula Chinyanja, wina Chiyao, ndipo ena agogo awo amayankhula Chilomwe. Kwa mwana wachiyao Chingerezi ndi chiyankhulo chachitatu. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidati Chingerezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira, koma ngakhale lamulo litero, kumsika wa matemba ndi makumba palibe amene amagula kapena kugulitsa m'Chingerezi. Mwana amachimva m'kalasi mokha, kuchokera kwa mphunzitsi mmodzi amene akuyang'anira ana ochuluka. Komabe sangachithawe, pakuti mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili mu Zomba momwemo, amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa.

Chimene mwana walakwitsa

Mwana akaphonya sipelo, anzake amangoti sadziwa. Nthawi zambiri mwanayo amakhala atatsatira bwino lamulo, koma la chiyankhulo china. Chichewa chimalembedwa monga chimvekera. Chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa malembo amenewa. Mwana amene wadziwa bwino maphatikizo a Chichewa mu Sitandade 1 ndi 2 akamva *fish* amalemba *fishi*, chifukwa dzanja lake lidazolowera kuti liwu silingathere pa h. Chingerezi chili ndi mamvekedwe a liwu pafupifupi 20 amene amalembedwa ndi malembo asanu omwewo, choncho *ship* ndi *sheep* m'khutu la mwana wathu ndi liwu limodzi. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo. Lamulo la kalembedwe limangoti r azitsatira i kapena e, monga mu mbiri ndi mbereko, ndipo l azikhala kwina konse. Mwana akalemba *lice* pofuna *rice* sadasokoneze mpunga ndi nsabwe, wangolemba chimene wamva. Ndipo ph wa mu phiri si ph wa mu *phone*.

Pali msampha wina umene umagwira ana pa mpikisano wa pakamwa pokha. Dzina la lembo e m'Chingerezi limamveka ngati i wa Chichewa. Dzina la a limamveka ngati ei, la i ngati ai. Mwana akhoza kulemba *net* pasileti popanda cholakwa, koma mukamuimika kutsogolo kuti atchule malembo, mtima ukugunda, amatchula lembo lapakati monga adaliphunzirira m'Chichewa, woweruza nkumva lembo lina. Mwana ameneyu watuluka mumpikisano pa liwu limene amalidziwa. Mpikisanowo wayesa mayina a malembo ndi kulimba mtima, osati kalembedwe.

Akatswiri adaliona kale izi. Mu 1971 Charles Read adafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti ana aang'ono akamalemba mawu mongoganizira samwaza malembo chisawawa, koma amatsatira dongosolo la zimene akumva. Ngati zili choncho, cholakwa cha mwana ndi uthenga kwa mphunzitsi. Belu limataya uthengawo, chifukwa kwa belu *fishi* ndi pepala lopanda kanthu nzofanana.

Manyazi nawo ali ndi magwero ake odziwika. Mwana ali yekha, waimirira, anthu onse akumuyang'ana, cholakwa chimodzi chikumutulutsa, ndipo akatuluka palibenso mpata wokonza. Onjezani kuti m'kalasi la Sitandade 5 kunyanja kuno mumapezeka mnyamata wa zaka 15 amene adataya zaka ku usodzi, ndi mtsikana wotha msinkhu amene akukhala pakati pa tiana ta zaka 10. Oterewa akawowozedwa kamodzi, kubwerera kusukulu Lolemba kumafuna mtima. Ndipo mpikisano wotulutsana uli ndi kusalungama kwina: wofooka, amene akufunika kuyeserera kwambiri, amapatsidwa liwu limodzi nkukhala pansi ola lonse, pomwe wodziwa kale amalandira mawu makumi awiri.

Onse alembe

Chinthu choyamba kusintha ndi kuchotsa pakamwa nkuika m'manja. Izi si zachilendo kwa mphunzitsi wa ku Malawi, ndi lembetso lomwe lija. Mayiko ena adapanga mipikisano ikuluikulu pa lembetso. Ku France, Bernard Pivot adayendetsa mpikisano wotere pa kanema kuyambira mu 1985 mpaka 2005, ndipo ku Russia lembetso la anthu onse lomwe lidayamba mu 2004 ku Novosibirsk limalembedwa ndi anthu ambirimbiri tsiku limodzi, aliyense nkukaona yekha zotsatira zake. Palibe amene amatulutsidwa pakati pa ulendo. Aliyense amalemba kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza.

M'kalasi zimayenda chonchi. Mphunzitsi amapereka mndandanda wa mawu Lolemba, otengedwa m'buku la kalasilo, ndipo amawalemba pabolodi kuti aliyense akopere. Mawu 10 ndi okwanira ku Sitandade 4, ndipo 15 kapena 20 ku makalasi a pamwamba. Pa tsiku la mpikisano mwana aliyense amalandira kapepala ndipo pamwamba amalemba nambala yake ya m'kaundula, osati dzina. Mphunzitsi amatchula liwu, amaliika m'chiganizo chachifupi, amanena tanthauzo lake m'Chichewa, kenaka amalitchulanso. Tanthauzo la m'Chichewali ena amaliona ngati kubera, koma ndi chilungamo chabe. Mphunzitsi nayenso ndi Mmalawi, l ndi r zake zimatha kufanana, ndipo akanena kuti mpunga mwana amadziwa liwu limene akufunsidwa. Ngakhale ku Amereka mwana amaloledwa kufunsa tanthauzo ndi chiganizo asanayambe kutchula malembo. Akatha mawu onse, ana amapatsidwa mphindi ziwiri zowerenganso ndi kukonza, chinthu chimene belu sililola koma chimene wolemba aliyense amachita.

Kuchonga kowerenga zimene zakhoza

Mtima wa nkhani yonse uli pa kachongedwe. Njira imene ndikufotokoza pano adaigwiritsa ntchito Stanley Deno ndi anzake a pa yunivesite ya Minnesota, amene ankafuna muyeso wosonyeza kupita patsogolo kwa ana ovutika kuphunzira. M'malo mofunsa ngati liwu lonse lakhoza, amawerenga malumikizo. Lembo loyamba likakhala lolondola, ndi pointi imodzi. Malembo awiri alionse oyandikana akakhala olondola ndiponso m'ndondomeko yake, ndi pointi imodzi. Lembo lomaliza likakhala lolondola, ndi pointi inanso. Motero mapointi a liwu lililonse amaposa chiwerengero cha malembo ake ndi imodzi: *fish* ali ndi malembo anayi, mapointi 5.

Tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 5 wa kufupi ndi Kachulu amene wapatsidwa mawu asanu: *fish*, *rice*, *school*, *bridge* ndi *paddle*. Mapointi onse ndi 5, 5, 7, 7 ndi 7, pamodzi 31. Iye walemba *fishi*, *lice*, *skool*, *blidge* ndi *padle*. Pa kachongedwe kakale wapeza ziro, ndipo pa mpikisano wa belu akadatuluka pa liwu loyamba.

Tsopano tiwerenge malumikizo. Mu *fishi* chiyambi chakhoza, f ndi i akhoza, i ndi s akhoza, s ndi h akhoza. Chaphonya ndi mathero okha, ndiye wapeza 4. Mu *lice* lembo loyamba laphonya, choncho wataya pointi ya chiyambi ndi ya lumikizo lotsatira, koma i ndi c, c ndi e, komanso mathero zakhoza, wapeza 3. Mu *skool* wakhoza chiyambi, o awiri aja, o ndi l, ndi mathero, wapeza 4 pa 7. Mu *blidge* l wamudyera mapointi awiri, watsala ndi 5. Mu *padle* wangosiya d mmodzi, wapeza 6. Zonse pamodzi ndi 22 pa 31, kapena kuti 71 pa 100.

Wina anganene kuti uku nkumunamiza mwana, popeza a MANEB sadzawerenga malumikizo. Nzoona kuti mawu onse asanu ngolakwika ndipo ayenera kukonzedwa. Koma 22 uja si bodza lomusangalatsa. Mnzake amene walemba *sukulu* pofuna *school* wapeza pointi imodzi yokha pa 7, ndipo amene walemba *buliji* wapezanso imodzi. Wa *buliji* ndi wa *blidge* ali pa malo osiyana kwambiri. Wa *buliji* akulemba Chingerezi ndi malamulo a Chichewa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Wa *blidge* wagwira kale chinthu chovuta, malembo atatu a kumapeto aja, ndipo chomusowa ndi chimodzi. Ziro amawaika onse m'dengu limodzi. Mukayang'anitsitsa pepala la mtsikanayu muona kuti pa mapointi 9 amene wataya, 4 apita chifukwa cha l ndi r. Mphunzitsi wadziwa chophunzitsa sabata yamawa, ndipo mosakayika si mwana yekhayu amene ali ndi vutoli m'kalasimo.

Kuti mpikisano ukhalebe mpikisano

Ana amakonda kupikisana, ndipo lembetso lopanda wopambana limazizira msanga. Choncho opikisana akhale magulu. Gulu likhale la ana anayi kapena asanu osakanikirana mphamvu, osankhidwa ndi mphunzitsi mwakachetechete. Musalole atsogoleri awiri kusankhana poyera monga pa mpira, chifukwa wosankhidwa pomaliza wanyazitsidwa mpikisano usanayambe.

Koma gulu palokha silichotsa manyazi. Mukangophatikiza mapointi a ana onse, wofooka amasanduka katundu, ndipo anzake amamulalatira kunjira kuposa momwe kalasi likadamusekera. Robert Slavin wa pa yunivesite ya Johns Hopkins adapeza njira yozembera zimenezi. Mwana aliyense amakhala ndi poyambira pake, ndiye kuti pakatikati pa zimene wakhala akupeza m'malembetso apitawo, powerengera pa 100. Chimene amabweretsa ku gulu si malikisi ake, koma kusiyana kwa malikisi a lero ndi poyambira paja. Akatsika ndi malikisi oposa 10 amabweretsa mapointi 5. Akatsika pang'ono, osapitirira 10, amabweretsa 10. Akafika pa poyambira pake kapena kukwera mpaka 10, amabweretsa 20. Akakwera ndi oposa 10, kapena akakhoza zonse, amabweretsa 30.

Taonani gulu la ana anayi amene poyambira pawo ndi 40, 55, 70 ndi 90. Sabata ino apeza 58, 60, 66 ndi 92. Woyamba wakwera ndi 18, wabweretsa 30. Wachiwiri wakwera ndi 5, wabweretsa 20. Wachitatu watsika ndi 4, wabweretsa 10. Katswiri wa gululo wakwera ndi 2, wabweretsa 20. Pamodzi ndi 80, ndipo tikagawa ndi 4 gulu lapeza 20. Amene wanyamula gulu ndi mwana amene malikisi ake ndi otsika kuposa onse. Ana sachedwa kuzindikira masamu amenewa. Katswiri uja amaona yekha kuti njira yachidule yopambanira ndiyo kukhala pansi ndi mnzake wa 40 pa nthawi yopuma nkumuyesa mawu, pakuti iye mwini alibe malo ambiri okwerera.

Pabolodi pamalembedwa mayina a magulu ndi mapointi awo okha. Ndimakonda kuti atchulidwe magulu atatu apamwamba basi, otsalawo aone mapointi awo papepala. Mapepala amabwezedwa opinda. Kenaka mphunzitsi amalemba pabolodi zolakwa zitatu zimene zapezeka kwambiri, osatchula mwini, ndipo kalasi lonse limakambirana chifukwa chimene khutu la Chichewa limamvera choncho. Wolakwa akaona kuti *lice* adalemba anthu ambiri, cholakwacho chimasiya kukhala chake yekha.

Pamene zimavuta

Vuto lalikulu ndi ntchito yochonga. Ngati kalasi lili ndi ana 100 ndipo aliyense walemba mawu 15, mphunzitsi ali ndi mawu 1,500 oti awerenge malumikizo ake. Sangathe sabata iliyonse, ndipo amene angamulamule kutero sadagwirepo choko. Chothandiza choyamba nchakuti liwu lokhoza silifuna kuwerenga, limalandira mapointi ake onse amene mphunzitsi adalemba kale pambali pa mndandanda. Chachiwiri ndi kuchititsa mpikisano kamodzi pa masabata awiri ndi mawu 10. Ena amapempha ophunzira a Sitandade 8 kuti athandize kuchonga, ndipo apa mpamene nambala m'malo mwa dzina imagwira ntchito, ngakhale kuti pamudzi anthu amadziwana zolemba. Kusinthanitsa mapepala m'kalasi momwemo ndiko koyenera kupewa, chifukwa wochonga pepala la mnzake sasunga chinsinsi. Zikakanika zonse, mphunzitsi akhoza kufupikitsa: mapointi 2 pa liwu lokhoza, 1 pa liwu lophonya malo amodzi, ziro pa lotalikira. Njirayi ndi yosalongosoka ngati ya malumikizo, komabe imasiyanitsa *blidge* ndi *buliji*.

Vuto lachiwiri ndi kujomba. Kunyanja kuno ana amasowa m'kalasi nthawi yoingitsa mbalame m'minda ya mpunga, nthawi imene matemba achuluka, ndi pamene madzi asefukira nkudula njira. Nyanja ikaphwa, monga zidachitikira mu 1995 ndi mu 2018, mabanja a asodzi amasamuka ndipo ana amapita nawo. Nchifukwa chake mapointi a gulu ayenera kugawidwa ndi chiwerengero cha amene alemba tsikulo, osati kungophatikizidwa. Kupanda kutero gulu limalangidwa chifukwa cha mwana amene wapita kumaliro. Koma lamuloli lili ndi khomo lake la chinyengo: gulu likhoza kuuza wofooka kuti asabwere. Chizindikiro chake nchosavuta. Yang'anani m'kaundula ngati pali ana amene amabwera masiku ena onse koma amasowa pa tsiku la mpikisano. Mukawapeza, manyazi akadalipo, angosamukira kuseri. Mwana amene wabwerera atajomba nthawi yaitali alembe lembetso limodzi losawerengeredwa, kuti apeze poyambira patsopano.

Ana ochenjera amapezanso msanga kuti akalakwitsa dala sabata ino, poyambira pawo patsika ndipo sabata yamawa adzakwera mosavuta. Mankhwala ake ndi kuwerengera poyambira pa malembetso atatu apitawo, osati limodzi. Kuonerana nako kulipo, makamaka pamene ana akhala pansi mothithikana. A gulu limodzi asakhale moyandikana polemba, ndipo pepala la mwana wa 40 likafanana ndi la mnzake wapambali mpaka pa zolakwa, mphunzitsi alankhule nawo paokha.

Pali malire ena amene njirayi singadumphe. Mwana amene sadziwabe malembo, ndipo oterewa amapezeka ngakhale m'makalasi apakati, sangathandizidwe ndi mpikisano wa mtundu uliwonse. Poyambira pake padzakhala pafupi ndi ziro sabata ndi sabata. Iyeyu akufunika maphunziro a kuwerenga monga amene ndondomeko ya boma ya kuwerenga, yomwe idayamba mu 2016, imaphunzitsa m'makalasi oyambirira. Pomwe akuphunzira zimenezo, apatsidwe mndandanda wake waufupi wa mawu a malembo atatu, ndipo poti chowerengedwa ndi kukwera, akhoza kubweretserabe gulu lake mapointi.

Nanga mwana waluso amene akufuna kukafika ku mpikisano wa dziko lonse? Iyeyu ayenera kuzolowera kuima yekha, kutchula malembo ndi mayina ake a Chingerezi, ndi kupirira akaphonya. Tisamumane mwayiwo. Kumapeto kwa teremu sukulu ikhoza kukonza gawo la pakamwa la odzipereka okha, mwana ataloledwa kulemba liwu pasileti asanalitchule, ndipo azituluka ataphonya katatu osati kamodzi. Oonerera auzidwe lamulo asanayambe, kuti aliyense wotsika pabwalo amaomberedwa m'manja ndipo wowowoza mnzake amachotsetsa mapointi a gulu lake. Amene apambana pamenepa ndiwo akaimire sukulu ku zoni ndi kupitirira. Koma mpikisano wotulutsana usakhale wa kalasi lonse mokakamiza. Ana ochepa amene aufuna aupeze, ndipo ena onse alembe, awerengeredwe zimene akhoza, nkubwera kudzalembanso sabata inayo.